Zolemba za ntchito: kuyendetsa anthu atatu a m'katuni ya kumjigo

Sabata yoyamba, Lolemba

Katuni imene ndikupangayi ndi yaifupi, ndipo mbali yake yaikulu ikuchitika panjira yopita kumjigo m'mamawa. Muli anthu atatu, mnyamata, mayi wosenza ndowa ndi gogo wamwamuna woyenda ndi ndodo, ndipo onsewa amathera nthawi yambiri akuyenda osayankhula. Choncho woonera ayenera kuwadziwa anthuwa poona mayendedwe awo okha. Ndikugwira ntchitoyi mu Blender, pulogalamu ya pakompyuta yopangira makatuni, pa mafuremu 24 pa sekondi iliyonse, kutanthauza zithunzi 24 zotsatizana. Ndasankha kuyamba ndi mayendedwe wamba opanda khalidwe lililonse pa thupi la mnyamatayu, kuti ndikhale ndi poyambira poyezera kusintha kulikonse kumene ndidzachite pambuyo pake.

Munthu woyenda bwinobwino amaponya pafupifupi masitepe awiri pa sekondi, kotero sitepe imodzi ndaipatsa mafuremu 12, ndipo mzungulire wonse wa masitepe awiri ndi mafuremu 24. Lero ndaika mapozi oponda okha, pa furemu 1, 13 ndi 25. Pozi yoponda ndi nthawi imene chidendene cha phazi lakutsogolo changokhudza pansi, mwendo wake uli wowongoka pafupifupi, pamene phazi lakumbuyo latsamira zala, chidendene chake chitanyamuka. Apa ndi pamene miyendo yatalikirana kwambiri, ndipo mtunda wa pakati pa mapazi awiriwa ndiwo utali wa sitepe. Mnyamatayu ndi wamtali mamita 1.7 ndipo ndamupatsa sitepe ya mamita 0.7, phazi lina masentimita 35 kutsogolo kwa chiuno, lina masentimita 35 kumbuyo. Pozi ya pa furemu 13 ndi yomweyo ya pa furemu 1 koma yotembenuzidwa, ndipo ndaipeza ndi `Paste Pose Flipped`, imene imagwira ntchito pokhapokha mafupa oyendetsera thupi la katuni a kumanzere ndi kumanja ali ndi mayina othera ndi zizindikiro monga `.L` ndi `.R`.

Pa pozi imeneyi chiuno sichiyang'ana kutsogolo ndendende. Mbali ya chiuno ya mwendo umene watsogola imatsogola nawo, ndipo mapewa amapotokera kwina, kotero kuti mwendo wamanja ukakhala kutsogolo, mkono umene uli kutsogolo ndi wamanzere. Poyamba ndinasiya chifuwa chili chilili n'kungosuntha mikono, ndipo mnyamatayo anaoneka ngati mikono yake yachita kukhomeredwa pathabwa. Nditapotola chifuwa pang'ono kutsutsana ndi chiuno, mikono inayamba kuoneka kuti ikuchokera m'thupi.

Lachiwiri

Ndaika pozi yodutsa pa furemu 7 ndi 19, pakati penipeni pa mapozi oponda. Apa thupi lonse lasenzedwa ndi mwendo umodzi umene waima chilili pansi pa chiuno, pamene phazi linalo likudutsa pafupi ndi kakolo wa mwendo woimawo, bondo litapindika. Poyang'ana cham'mbali poziyi imaoneka yosavuta, koma zofunika zake zambiri zimaoneka munthu akayang'ana kutsogolo. Chiuno chiyenera kusunthira pamwamba pa phazi limene laponda, apo ayi munthuyo akanagwera mbali imene ilibe chomuchirikiza. Ndachisunthira masentimita 2 okha, ndipo mbali ya chiuno ya mwendo umene uli m'malere ndaitsitsa pang'ono, chifukwa palibe chimene chikuigwira pansi. Mapewa ndawapendeketsa kutsutsana ndi chiuno kuti mutu ukhalebe pakati.

Madzulo ndinawonjezera mapozi awiri otsala. Pozi yotsika ili pa furemu 4, pamene phazi lakutsogolo lagona lonse pansi ndipo bondo lapindika polandira kulemera kwa thupi. Apa chiuno chili pansi kuposa pena paliponse. Pozi yokwera ili pa furemu 10, pamene mwendo woima ukukankha pansi, chidendene chikuyamba kunyamuka, thupi likupendekera kutsogolo ngati likufuna kugwa, ndipo mwendo winawo waponyedwa kutsogolo kukaliwakha. Pa mzere wa nthawi ndaika zizindikiro izi, pamodzi ndi kutalika kwa chiuno m'masentimita poyerekeza ndi pozi yoponda:

```
1   contact    0
4   down      -3
7   passing   +1
10  up        +2
13  contact    0
```

Kuchokera pansi kufika pamwamba ndi masentimita 5, ndipo pa thupi la msinkhu umenewu akuoneka okwanira. Munthu weniweni amafika pamwamba penipeni chapafupi ndi nthawi imene miyendo ikudutsana, koma opanga makatuni amakonda kuchedwetsa nsongayo kufikira pozi yokwera kuti kukankha kwa phazi kuoneke bwino. Ine ndatsatira mwambo wa makatuniwo, chifukwa anthu anga si ojambulidwa mofanana ndendende ndi anthu enieni. Makiyi onse, kutanthauza mafuremu amene ndasungapo pozi, ndawasiya pa `Constant` kuti chithunzi chizidumpha kuchoka pa pozi ina kupita pa ina popanda kompyuta kudzazamo zake. Ngati mapozi asanuwa sakuoneka ngati munthu akuyenda, kusalaza pakati pawo sikungawapulumutse.

Lachinayi

Dzulo ndinasintha makiyi kupita pa `Bezier`, ndipo mavuto awiri anaonekera nthawi yomweyo. Loyamba linali laling'ono: mnyamatayo ankaima kaye pang'ono pamapeto pa mzungulire uliwonse, ngati munthu wopunthwa. Chifukwa chake n'chakuti furemu 25 ndi yofanana ndi furemu 1, ndiye posewera kuchokera pa 1 mpaka 25 pozi imodzi imaoneka kawiri motsatizana. Kiyi ya pa 25 iyenera kukhalapo kuti mizere yoonetsa kayendedwe ya mu Graph Editor idziwe kolowera, koma kusewera kuyenera kuthera pa 24.

Vuto lachiwiri landitengera masiku awiri, ndipo ndi la kuterereka kwa mapazi. Mzungulirewu ndaupanga mnyamata akuyenda pamalo amodzi, mapazi akubwerera m'mbuyo pansi pake, ndipo kenako fupa lalikulu limene limanyamula thupi lonse ndilo limamupititsa patsogolo. Kuti phazi loponda lioneke kuti lakhazikika panthaka, liyenera kubwerera m'mbuyo pa liwiro lofanana ndendende ndi limene thupi likupitira patsogolo. Masamu ake ndi awa:

```
0.70 / 12 = 0.058
0.70 * 2  = 1.40
```

Phazi liyenera kubwerera masentimita 5.8 pa furemu iliyonse, ndipo thupi liyenera kupita mamita 1.4 pa mafuremu 24. Koma `Bezier` imachititsa chinthu kuyamba pang'onopang'ono, kuthamanga pakati, n'kuchedwanso pofika, kotero phazi linkatsalira poyamba kenako n'kupitirira, ndipo pansi linkaoneka ngati likupukuta simenti yonyowa. Ndinachotsa makiyi a pakati pa mzere wopita kutsogolo ndi kumbuyo wa phazilo, n'kusintha gawo limenelo kukhala `Linear`, kuti liwiro likhale limodzimodzi. Fupa lalikulu nalo ndinaliika pa `Linear`, n'kulipatsa `Cycles` yokhala ndi `Repeat with Offset` kuti mzungulire uliwonse uziyambira pamene wathera unzake.

Nditachita zimenezi chidendene chinakhazikika, koma zala za phazi lakumbuyo zinkatererekabe pang'ono litatsala pang'ono kunyamuka. Ndinaika kabokosi kakang'ono pansi pamene chala chachikulu chaponda, n'kumapita furemu imodziimodzi, ndipo ndinaona kuti chalacho chikuchoka pakabokosiko pa furemu 14 phazi lisananyamuke. Kulakwa kwanga kunali kuganiza kuti phazi limamaliza ntchito yake pa furemu 13, pamene linzake laponda. Poyenda pamakhala kanthawi kamene mapazi onse awiri ali pansi, ndipo n'chimene chimasiyanitsa kuyenda ndi kuthamanga. Phazi limodzi limakhala pansi pafupifupi magawo 60 pa 100 a mzungulire wonse, omwe pa mafuremu 24 ndi mafuremu 14 ndi kachidutswa. Choncho mzere wowongokawo ndaupitiriza mpaka furemu 15, pamene phazi lafika masentimita 47 kumbuyo, ndipo likunyamuka pambuyo pake.

Lachisanu

Bondo la mwendo wakutsogolo linkathyoka mwadzidzidzi pakati pa furemu 12 ndi 14, kuwongoka kotheratu kenako n'kupindika m'furemu imodzi. Izi zimachitika pamene mtunda wochokera m'chiuno kufika ku kakolo wafika pa utali wonse wa mwendo. Ndinatsitsa chiuno ndi theka la sentimita pa pozi yoponda, n'kutsogoza mbali ya chiuno ya mwendowo pang'ono, kuti bondo lizikhala lopindikako nthawi zonse. Ndinayang'ananso njira ya chidendene ndi `Motion Paths`, imene imajambula mzere wa pamene chinthu chikudutsa, ndipo ndinapeza kuti phazi linkakwera kwambiri pa pozi yodutsa, ngati munthu wowoloka madzi. Phazi limakwera kwambiri litangonyamuka kumbuyo, kenako limadutsa pafupi kwambiri ndi nthaka. Mikono ndaichedwetsa kuti izitambasuka kwambiri pa pozi yotsika osati yoponda, ndipo chigongono chikutsatira phewa ndi furemu imodzi, dzanja n'kutsatira chigongono ndi furemu inanso. Mayendedwe wamba atha.

Sabata yachiwiri, Lolemba

Ndayamba mayi wa ndowa, ndipo ndiye munthu amene katuni yonse yatsamira pa iye. Ndowa ya malita 20 ikadzaza imalemera makilogalamu 20 kuwonjezera pa ndowayo, ndiye ndinaganiza kuti kulemera kumatanthauza kuchedwa ndi kutsika kwambiri. Ndinamupatsa mafuremu 16 pa sitepe, mapozi ali pa 1, 5, 9, 13 ndi 17, ndipo pozi yotsika ndinaitsitsa masentimita 6. Zimene zinatuluka zinali munthu wotopa amene wasenza thumba la simenti paphewa. Ndowa inkakwera ndi kutsika kwambiri moti ikanakhala ya madzi enieni akanafika kunyumba ndi theka, ndipo aliyense amene anatungapo madzi akanaona msanga kuti wojambulayo sanayang'anitsitse.

Lachitatu

Ndinapempha achemwali anga kuti ndiwajambule pafoni akuchokera kumjigo, kamodzi cham'mbali, kamodzi kutsogolo, foni nditaitsamiritsa pa njerwa kuti isagwedezeke. Foni yanga imajambula mafuremu 30 pa sekondi, choncho chiwerengero chilichonse ndimachichulukitsa ndi 0.8 kuti chifike pa 24. Kuchokera pamene chidendene china chaponda kufika pamene chinzake chaponda ndinawerenga mafuremu 14, nthawi zina 15, omwe ndi 11 kapena 12 kwa ine. Ndiye kuti achemwali sankachedwa n'komwe, koma masitepe awo ndiwo anali aafupi.

Ndinamata kapepala pasikirini pamene panali mlomo wa ndowa, n'kumapita furemu imodziimodzi. Mlomowo unkayenda pafupifupi mzere wowongoka, osachoka kwenikweni pakapepalako. Khosi linali chilili, chibwano chili m'kati pang'ono, maso okha ndiwo ankayang'ana pansi pofuna poponda. Ntchito yonse inali m'munsi: pa pozi yodutsa bondo la mwendo woima silinkawongoka kotheratu, ndipo chiuno chinkapita uku ndi uku pansi pa msana wosagwedezeka, ngati kuti mutu ndiwo wakhazikika ndipo thupi likulendewera kwa iwo. Dzanja limodzi linkagwira mlomo wa ndowa ndi nsonga za zala zokha, linalo likulendewera patali pang'ono ndi thupi. Chinanso chimene sindinachiganizire ndi chitenje. Chimamanga miyendo kuti isatalikirane, ndipo pa pozi yoponda nsalu imakokeka pakati pa miyendo n'kupanga mzere umodzi wopingasa, umene umamasuka pa pozi yodutsa.

Ndayambanso kuchokera pa mayendedwe wamba aja, ndipo ndasintha zinthu chimodzichimodzi, n'kumasewera ndikasintha chilichonse. Nthawi ndaisiya pa mafuremu 12. Sitepe ndaifupikitsa kufika mamita 0.5, kutanthauza kuti phazi likubwerera masentimita 4.2 pa furemu ndipo thupi likupita mita imodzi pa sekondi. Kufupikitsa sitepeku pakokha kwachepetsa kale kukwera ndi kutsika, chifukwa miyendo ikatalikirana pang'ono chiuno sichitsika kwambiri pa pozi yoponda. Pozi yotsika ndaisiya sentimita imodzi pansi, yokwera theka la sentimita pamwamba, ndipo chidendene pa pozi yokwera chikunyamuka mochedwa. Kusunthira m'mbali kwa chiuno ndakukweza kuchoka pa masentimita 2 kufika pa 4, ndipo mafupa a msana ndawapinda mobwezera kuti mutu usatsatire chiunocho.

Lachisanu

Ndinapitirira muyeso. Pofuna kuti ndowa isagwedezeke ndinaumitsa mutu kotheratu, ndipo mayiyo anayamba kuoneka ngati akutsetsereka pa njanji, ndowa ilibe kulemera kulikonse. Diso limadziwa kulemera poona chinthu chikukanikiza chinzake, ndiye pakapanda kutsika ngakhale pang'ono, ndowayo imaoneka yopanda kanthu. Ndabwezera kutsika kwa sentimita imodzi pamutu, koma kochedwa ndi mafuremu awiri pambuyo pa chiuno, ndipo ndowa ndaichedwetsanso ndi furemu imodzi kuti izioneka ikufinya nkhata. Kusintha kumeneku n'kochepa moti poyang'ana furemu imodzi sikuoneka, koma posewera mayiyo tsopano wasenza madzi. Achemwali ataona ananena kuti: "Achimwene, dzanja ili mwaligwiritsa mwamphamvu kwambiri, munthu wozolowera sagwira chonchi." Ndamasula zalazo, ndipo chigongono ndachibweza m'mbali pang'ono.

Zimene ndaona pa mayiyu zasintha momwe ndikuganizira anthu awiri otsalawo. Pozi yoponda imanena za utali wa sitepe ndi kumene thupi laloza, koma anthu awiri angathe kukhala ndi mapozi oponda ofanana n'kumayenda mosiyana kotheratu, malingana ndi zimene zikuchitika pa pozi yodutsa ndi yokwera. Pamenepo ndi pamene thupi lili pa mwendo umodzi, ndipo momwe munthu amadzisungira pa mwendo umodziwo ndi zimene zimaonetsa ngati ali ndi mphamvu, mantha, katundu kapena matama.

Sabata yachitatu, Lachiwiri

Mnyamata uja ayenera kuoneka wonyada, wodziwa kuti akumuyang'ana. Mapozi ake oponda sindinawakhudze kupatula kukweza chifuwa ndi chibwano. Ndatalikitsa nthawi kufika mafuremu 14 pa sitepe, chifukwa munthu wodzidalira sapupuluma, ndipo pa pozi yodutsa phazi ndalizunguliza kunja pang'ono m'malo modutsa pafupi ndi kakolo, bondo likuyang'ana kunja. Pozi yokwera ndaikweza kufika masentimita 4 ndipo ndaisunga pamwambapo mafuremu awiri asanatsike, kotero akuoneka ngati akuchedwa dala m'malere. Mapewa akupotoka kawiri kuposa pa mayendedwe wamba. Ndinayesanso kutsitsa pozi yodutsa kuti thupi lizidumpha kawiri pa sitepe imodzi, ndipo zinatuluka zosangalatsa, koma zinamusandutsa munthu wanthabwala, pamene m'nkhaniyi iye amadziona ngati munthu wolemekezeka. Ndazichotsa.

Lachinayi

Gogo ndiye wandivuta m'njira ina, chifukwa ndi yekhayo amene masitepe ake awiri sali ofanana, ndiye `Paste Pose Flipped` singandithandize. Bondo lake lamanzere ndi lopweteka. Munthu wotsimphina amafupikitsa nthawi imene waima pa mwendo wopwetekawo, kuthamangira kuti wabwinowo uponde msanga. Mzungulire wake ndi mafuremu 40, koma sindinaugawe pakati: akaponda ndi mwendo wamanzere pa furemu 1, wamanja ukuponda pa furemu 17, ndipo wamanzere ukupondanso pa furemu 41. Choncho pa mwendo wopweteka akukhalapo mafuremu 16, pa wabwino 24. Ndodo ili m'dzanja lamanja, mbali yotsutsana ndi mwendo wopweteka, ndipo ikufika pansi pamodzi ndi phazi lamanzere kuti zigawane katundu.

Pa mwendo wopwetekawo pozi yokwera kulibe kwenikweni, chifukwa palibe kukankha. Thupi likungodutsa n'kugwera pa mwendo wabwino, phewa lamanja litatsamira ndodo. Phazi silikufika ndi chidendene, likutera lonse nthawi imodzi, ndipo podutsa likungonyamuka sentimita imodzi kapena ziwiri. Chifukwa chakuti masitepe ndi osiyana, thupi silingapite patsogolo pa liwiro limodzi monga anzake aja, ndiye njira yoyenda pamalo amodzi ndaisiya. Gogo ndikumuyendetsa panjira penipeni, phazi lililonse likaponda ndimaliika makiyi awiri ofanana kuti likhale pomwepo, ndipo chiuno ndicho chikupita patsogolo, kufulumira pa mwendo wamanzere ndi kupuma pang'ono pa wamanja. Nsonga ya ndodo nayo ikufunika kabokosi kake koyezera, chifukwa ikuterereka monga zala za mnyamata zija.

Loweruka

Ndaika anthu atatuwa m'chithunzi chimodzi koyamba, onse nditawadetsa bii kuti pasaoneke nkhope kapena zovala, n'kuonetsa anthu awiri amene sakudziwa nkhaniyi. Onse anazindikira gogo ndi mayi popanda kuwauza. Za mnyamata uja, mmodzi anati ndi wonyada, winayo anati waledzera, ndipo ndikuona kuti vuto ndi kuzunguliza phazi kunja kuja pamodzi ndi kupotoka kwa mapewa, zimene zikaphatikizana zikumuchotsa pamzere. Ndichepetsa kuzungulizako ndi theka, n'kusiya mapewa momwe alili, kenako ndiwaonetsenso.

Mayi ndi mnyamata akuyenda mtunda wautali m'chithunzi chimodzi, ndipo mzungulire ukabwerezedwa kopitirira kanayi diso limayamba kuzindikira kuti ndi chinthu chomwechomwecho. Sabata yamawa ndimasula mizungulire yawo kukhala makiyi enieni, kuti ndisinthe sitepe yachisanu ya mayi pamene akulambalala mwala, ndi kutembenuza mutu wa mnyamata pamene akudutsa mayiyo. Chitenje sichinayambidwe, ndipo ndaganiza zochiyendetsa ndi mafupa anayi m'mphepete mwake m'malo mosiyira kompyuta kuwerengera nsalu, kuti mzere wokokeka uja wa pa pozi yoponda uzigwa pa furemu 1 ndi 13 ndendende.